Patha miyezi 8 ndikuthira mchenga pa zithunzi zophatikiza: zimene zagwira ndi zimene ndasintha

Ntchito imene imandipeza kwambiri pa kashopu kathu ku Rosettenville kuno ku Johannesburg ndi yoika munthu pa chithunzi chimene iye sanalipo. Kumudzi kwachitika chinkhoswe kapena mwana wamaliza sukulu, abale ajambulitsa, koma bambo ali kuno ku Joni. Ndiye amabwera ndi zithunzi ziwiri n'kunena kuti, "Achimwene, mundiike pambali pa mayi a ana." Kudula munthu ndi kulinganiza mtundu ndinazolowera kale. Chimene chinkandivuta ndi timadontho tija timaoneka ngati mchenga pa chithunzi chojambulidwa pamdima, timene ojambula amati noizi kapena gireni. Ine ndimangoti mchenga. Anthu onse pa chithunzi amakhala ndi mchenga wawo, koma woikidwayo amakhala wosalala ngati wodzola mafuta, ndipo diso limamutulukira ngakhale mwini wake sangafotokoze chimene chalakwika.

Miyezi 8 yapitayo ndinayamba kugwiritsa ntchito njira ya leya yotuwa mu Photoshop. Pamwamba pa munthu woikidwayo ndimatsegula leya yatsopano, pa Mode n'kusankha Overlay, n'kuchonga Fill with Overlay-neutral color (50% gray). Ndimaisandutsa Smart Object kuti manambala ndizitha kuwasintha pambuyo pake, kenaka Filter > Noise > Add Noise, kusankha Gaussian ndi Monochromatic, n'kuimangirira kwa munthuyo ndi Ctrl+Alt+G kuti mchengawo usagwere ena. Mpaka lero ndimayambira pomwepo, ndipo sindikudandaula. Ubwino wake waukulu ndi woti mchenga umakhala paokha. Kasitomala akabwerera kuti musunthe munthuyo kapena mumuchepetse, simuyambiranso. Koma mmene ndinkaigwiritsira ntchito mwezi woyamba ndi mmene ndikuchitira pano zikusiyana kwambiri, ndipo chinandisintha ndi chithunzi chimodzi.

Bambo wina wa ku Balaka amene amagwira ntchito ya m'dimba ku Randburg anabweretsa chithunzi cha chinkhoswe cha mwana wawo wamkazi. Chinajambulidwa ndi kamera yeniyeni mu holo yosawala bwino, ndipo pa File Info panalembedwa ISO 3200, nambala yokwera imene kamera imagwiritsa ntchito pamdima ndipo imabwera ndi mchenga wambiri. Chawo ndinawajambula ndekha panja pa shopu masana, atavala suti yakuda. Ndinathira Add Noise pa 5%, ndinayang'ana chithunzi chonse pa sikirini, ndinaona kuti zili bwino, n'kusindikiza pa A3. Atabwera kudzatenga anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Nkhopeyi ndi yanga ndithu, koma sutiyi ikuoneka ngati ya pulasitiki. Onani ya alamu angawa." Ankanena zoona. Suti ya alamu awo, amene anaima pambali pawo, inali yodzaza mchenga wonenepa. Yawo inalibe kanthu, pamene pachipumi pawo panali timadontho takuthwa ngati mchere.

Zolakwika zinali ziwiri, ndipo zonse zinachokera kwa ine.

Choyamba ndi kukula kwa kadontho. Add Noise imapanga kadontho ka pikiselo imodzi, kosadalira anzake. Kamera sitero. Mu kamera zambiri pikiselo iliyonse imaona mtundu umodzi wokha, wofiira, wobiriwira kapena wabuluu, ndipo mitundu inayo kamera imachita kuwerengera poyang'ana mapikiselo oyandikana nayo. Zikatero kadontho kamafalikira pa mapikiselo awiri kapena atatu n'kukhala kofewa m'mbali. Mankhwala ake ndi Gaussian Blur pa leya yotuwa ija, pambuyo pa Add Noise. Pa zithunzi zambiri zimene zandidutsa m'manja, Radius imagwa pakati pa 0.4 ndi 0.8. Pa cha bambowa inali 0.6. Kuti muone zimenezi muyenera kukulitsa chithunzi kufika pa 100% ndi Ctrl+1, mwinanso 200%, pamalo pamene munthu woikidwa wakhudzana ndi mnzake. Chithunzi chikachepetsedwa kuti chikwane pa sikirini, mchenga umene mukuona si weniweni.

Chachiwiri n'chimene ndinachedwa kuchimvetsa, ndipo ndi chimene chandichititsa kusiya Overlay pa zithunzi zambiri. Overlay imagwira mwamphamvu pamalo owala pakatikati, monga khungu loyererako kapena khoma. Mukamapita kwakuda kapena koyera mphamvu yake imachepa, mpaka pakuda bii kapena poyera mbee sichita kalikonse. Tikawerenga kuwala kuyambira 0 mpaka 255, malo a 40 amalandira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mchenga umene malo a 128 amalandira. Pa chithunzi cha filimu yakale zimenezi zimayenda, chifukwa gireni ya filimu imaoneka kwambiri pakatikati pomwepo. Koma noizi ya kamera za masiku ano imaonekera kwambiri mumthunzi, pamene kuwala kunali kochepa. Ndiye taganizani zithunzi zathu: masuti akuda, tsitsi lakuda, khungu lakuda mu holo yamdima. Malo amene amafuna mchenga wambiri ndi omwewo amene Overlay imawamana.

Pano pa zithunzi za kamera ndimasintha Mode kukhala Linear Light. Iyi imathira mofanana pakuda ndi poyera, koma ndi yamphamvu kwambiri, choncho ndimatsitsa Fill. Ndipo sindidaliranso maso okha. Ndimatsegula Histogram pa Expanded View, ndimasankha kabokosi ka mapikiselo 100 m'litali ndi 100 m'lifupi pamalo osalala a chithunzi choyambirira, n'kuwerenga nambala ya Std Dev. Nambala imeneyi imasonyeza kuti mapikiselo a m'kabokosimo akusiyana motani. Pa suti ya alamu aja inali 5.8. Pa suti ya bambowa ndisanathire kanthu inali 1.2, ndipo ndi Overlay itafewetsedwa inangofika pa 2.3. Nditasinthira ku Linear Light ndi Fill ya 45%, inafika pa 5.6, ndipo masuti awiriwo anayamba kuoneka ngati anajambulidwa tsiku limodzi. Muchenjere pamalo amene mwaika kabokosiko. Mukalowa mpindiro wa nsalu, batani kapena malo amene kuwala kukusintha, nambala imakwera pa chifukwa china, osati mchenga. Komanso yerekezani chakuda ndi chakuda, choyera ndi choyera.

Linear Light ili ndi vuto lake. Malaya oyera a bambowa analandira mchenga wofanana ndi wa suti, pamene malaya a anzawo anali ndi wochepa. Apa ndimadina kawiri pa leya yotuwa kuti nditsegule Layer Style, ndipo pa Blend If, pa mzere wa Underlying Layer, ndimagwira Alt n'kugawa pakati kachizindikiro koyera ka kumanja. Theka limodzi ndimalikokera cha pa 110, linalo ndimalisiya pa 255. Mchenga umachepa pang'onopang'ono kupita koyera. Mukakoka kachizindikiroko osakagawa, pamakhala mzere woonekera pamene mchenga wathera.

Za mtundu ndinene mwachidule. Muyang'ane pa Channels, Ctrl+3 wofiira, Ctrl+4 wobiriwira, Ctrl+5 wabuluu. Kawirikawiri wabuluu ndi umene umakhala ndi mchenga wambiri, makamaka pansi pa magetsi achikasu. Ndikaona madontho ofiirira ndi obiriwira mumthunzi wa chithunzi choyambirira, ndimawonjezera leya yachiwiri yotuwa, osachonga Monochromatic, Radius ya 1.5, Fill pakati pa 10% ndi 15%. Zithunzi zambiri za foni sizifuna leya imeneyi, chifukwa foni imafufuta yokha madontho a mtundu.

Chinthu china chimene miyezi iyi yandiphunzitsa ndi mthunzi umene timajambula tokha pansi pa mapazi. Umakhala pa leya yake pa Multiply, ndipo leya yotuwa yomangiriridwa kwa munthu siufikira. Multiply ikadetsa pansi imachepetsanso mchenga umene unalipo, choncho pamatsala kadziwe kosalala kuzungulira nsapato, pamalo pamene mthunzi weniweni ukanaoneka wokhakhala. N'chimodzimodzi pamene mwapaka ndi burashi yofewa pofufuta mpando kapena dzanja la munthu. Masiku ano ndimapanga leya yotuwa ina yosamangiriridwa, ndimaipatsa masiki yakuda imene imabisa leya yonseyo, n'kutsegula ndi burashi yoyera pa malo okhawo.

Ndondomeko nayo ndi yofunika. Mchenga uthiridwe munthuyo atafika kale pa kukula kwake komaliza, mtundu ndi kuwala zitalinganizidwa. Mukachepetsa chithunzi mchenga umachepa, mukachikulitsa madontho amanenepa. N'chifukwa chake leya yotuwa ndimaipanga pa kukula kwa chithunzi chonse, sindiiphatikiza ndi munthuyo. Ngati woikidwayo ndi amene ali ndi mchenga wambiri kuposa anzake, ndimayamba ndauchotsa ndi Noise Reduction ya mu Camera Raw Filter, kenaka n'kuthira wofanana ndi wa chithunzi chachikulu. Kuchotsa kokha kumasiya nkhope ngati phula.

Pamene njirayi imalephera ndi pa zithunzi zobwera pa WhatsApp, ndipo zimenezi ndi zambiri kuposa za kamera. Chithunzi chikatumizidwa mwa nthawi zonse chimachepetsedwa n'kufinyidwa, ndipo chikadutsa mafoni a abale atatu, mchenga weniweni umatha. Chimatsala ndi timabokosi ta JPEG ta mapikiselo 8 m'litali ndi 8 m'lifupi, ndi utsi m'mphepete mwa zinthu. Mukathira Add Noise pa munthu woikidwa m'chithunzi chotere, iye yekha ndi amene amakhala wokhakhala. Ndinayesa kwa miyezi iwiri, sizinatheke. Chimene chimathandizako ndi ichi: ndimasunga kope la chithunzi chonse chophatikizacho ngati JPEG pa Quality 4 kapena 5, ndimalibwezera pamwamba pa ntchito yanga, n'kuliika masiki kuti lioneke pa munthu woikidwayo yekha. Ngati simunadule kapena kusintha kukula kwa chithunzi choyambirira, timabokosi take timagwera pa mizere yomweyo ndi takale. Sizifanana kotheratu, koma pa pepala la A4 zimadutsa. Chabwino koposa n'kupempha wa kumudziyo atumizenso chithunzicho ngati Document, chifukwa chikatero chimafika chosafinyidwa. Mayi wina anandiyankha kuti, "Bandulo yake mugula ndinu, achimwene?" Ndinawauza kuti chithunzi chimodzi ndi mamegabaiti ochepa chabe, ndipo mawa lake chinafika chathunthu.

Ndinayesanso Grain ya mu Camera Raw Filter, imene ili ndi Size ndi Roughness. Pa zithunzi zakale za filimu zimene anthu amabweretsa kuti ndisikane, monga za ukwati wa makolo awo, imafanana bwino kuposa Add Noise, ndipo ndimaithira pa leya yotuwa yomweyo pa Overlay. Pa zithunzi za kamera za mu holo ndakhazikika pa Add Noise, Gaussian Blur ndi Linear Light.

Chithunzi cha bambo a ku Balaka ndinachisindikizanso osawalipiritsa. Ndisanapange chachikulu ndinasindikiza kachigawo ka mapewa awo ndi a alamu awo pa kapepala kakang'ono, pa kukula komweko kwa A3, n'kukayang'ana panja pa dzuwa, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndimatero pa ntchito iliyonse yopitirira A4. Anachiika mu felemu n'kuchitumiza pa basi ya ku Blantyre mlungu womwewo.