Apu yoyesera mtundu wa tsitsi: zomwe ndaona pa miyezi isanu ndi iwiri

"Asisi, apu ija munkayeserapo mitundu ya tsitsi mukadali nayo? Ndikufuna kudaya tsitsi langa likhale lagolide pa chinkhoswe changa. Pafoni likundikhala bwino kwambiri, koma ndikuopa. Ndilipire yapamweziyo?"

Mng'ono wanga, uthenga wako wandipeza tsiku lomwe ndimawerengera ndalama zomwe apuyo yandidyera, ndiye ndikuyankha mtima usanazizire.

Zabwino zake zilipo. Imatseguka msanga, siimaliza bandulo, ndipo ukatembenuza mutu mtunduwo umakutsatira ngati uli pagalasi. Imasunganso zithunzi ziwiri mbali ndi mbali, ndiye pokasonyeza wapasaluni suvutika kufotokoza.

Vuto lake ndi limodzi, ndipo silinathe ngakhale aikonza kangapo. Apu imaona tsitsi lako ngati khoma loyera lofuna penti. Imangopeza pomwe pali tsitsi pachithunzi n'kupakapo mtundu, koma sidziwa zomwe tsitsilo ladutsamo. Siifunsa ngati unaliwotcha ndi rilakisa, kapena ngati unalidayapo kale.

Ine zinandichitikira chonchi. Mu Disembala ndinadaya lakuda kunyumba pofuna kubisa imvi za pamphumi, ndipo tsitsi langa ndi lowotcha. Pofika Malichi ndinayesa pafoni mtundu wonga uchi, uja pa meshi amaulemba 27. Unandikhala, nkhope inawala, ndipo ndinatumiza chithunzicho kwa anzanga atatu, onse akuti pita. Ndinapita pa saluni ina ku Limbe foni ili m'manja. Mtsikana wondidayayo anandifunsa ngati m'mutu muli dayi wakale, ine n'kuyankha kuti ndi wakalekale, anatha. Sindinkadziwa kuti dayi wakuda satha, amangotsika pamene tsitsi likukula.

Anasakaniza dayi ndi divelopa wa 30, mankhwala oyeretsa tsitsi kuti dayi agwire. Atatsuka, ndinaona pagalasi mutu wa mitundu iwiri. Tsitsi lomera kumene, masentimita atatu kapena anayi kuchokera pakhungu, linali lofiira ngati njerwa yootcha, kwinaku lonse lotsalalo lili bii monga ndinalowera. Ndinakhala chete pampandopo, madzi akutsikira m'khosi, ndikuyang'ana chithunzi cha pafoni kenako galasi.

Chifukwa chake anandifotokozera mayi wina wamkulu pa ntchitoyi amene anadzandikonza pambuyo pake. Odaya amawerenga kuda kwa tsitsi kuyambira 1 mpaka 10. Lathuli nthawi zambiri lili pa 1 kapena 2, pamene mtundu wa uchi uja uli cha pa 7 kapena 8. Divelopa wa 20 amakweza sitepe imodzi kapena ziwiri, wa 30 ziwiri kapena zitatu basi. Ndiye ngakhale tsitsi losadayidwapo silingachoke pa 2 kufika pa 7 ndi dayi yekha. Komanso tsitsi lakuda likamayera silidumpha: limayamba lafiira, kenako laolenji, kenako lachikasu. Langa lapansi lija linangofika pofiira n'kuima. Lapamwambalo silinasunthe chifukwa dayi sachotsa dayi mnzake, pamafunika bulitchi kapena mankhwala ochotsera dayi.

Tsiku lomwelo, chifukwa cha manyazi otuluka ndi mutu wotero, ndinavomera kuti apake bulitchi. Apa ndiye ndinalakwitsa kwambiri. Tsitsi lowotcha limakhala lofooka kale, ndipo bulitchi amalimaliza. Linayera mwamawangamawanga, kwina olenji kwina bulauni. Likanyowa linkatamuka ngati chingamu, ukalikoka osabwerera, ndipo chimenecho ndicho chizindikiro choti lafa. Pasanathe milungu itatu chipeso chinkadzaza m'mawa uliwonse. Mu Epulo ndinameta.

Masiku amenewo ukanandifunsa ndikanati apuyo ndi yabodza, uifufute. Lero sindinena choncho kwenikweni, chifukwa inadzandithandiza pomwe sindinkayembekezera. Tsitsi litayamba kumera ndinkaluka meshi, ndipo posankha mtundu wa meshi kapena wigi apuyo siinandinamizepo. Chifukwa n'chosavuta: meshi imabwera ndi mtundu wake m'paketi, palibe chosintha. Funso limangotsala lakuti kodi mtunduwo ukugwirizana ndi khungu lako, ndipo limenelo apu imaliyankha bwino. Ndi mmene ndinadziwira kuti meshi za 30 ndi 33 zimandikhala, pamene 613, yoyera ija, imandichititsa nkhope kuoneka yotuwa. Ndinaisiya pashelefu ndalama zanga zili m'chikwama. Mu Ogasiti ndinayesanso 99J, wofiirira ngati vinyo uja, pa tsitsi langa lenileni lomwe tsopano ndi lachilengedwe. Unatuluka pafupi ndi wa pafoni, kungoti woderapo: m'nyumba umaoneka wakuda, padzuwa m'pamene umafiira. Unayambanso kusuluka msanga, monga umachitira dayi wofiira aliyense, zomwe chithunzi sichingakusonyeze.

Kujambula nakonso kuli ndi pake. Usiku pansi pa babu lachikasu mtundu uliwonse umaoneka wofunda ndi wokoma kuposa mmene ulili. Ima pafupi ndi windo masana, dzuwa lisakuwombe kumaso, zimitsa zokongoletsa nkhope za mu kamera, ndipo sikirini usaiwalitse mpaka kumapeto. Pa tsitsi lalifupi lopotana imaphonya m'mphepete, nthawi zina kupaka ndi khutu lomwe, ndiye usaweruze poyang'ana pamphumi.

Tsopano za ndalama, zomwe zandiwawa lero. Mitundu yaulere ndi yochepa, ndipo wa uchi uja unali m'gulu lolipira. Ndinavomera masiku oyesera aulere n'kuikapo khadi la kubanki. Nditameta ndinaifufuta apuyo ndi mkwiyo, ndikuganiza kuti nkhani yatha. Kufufuta apu sikuimitsa malipiro. Anapitiriza kudula mwezi ndi mwezi, m'madola, ndipo ndinazindikira patapita miyezi itatu nditaona sitetimenti. Ndinalembera eni apuyo kawiri. Kalata yoyamba anayankha ndi mawu okonzeratu, yachiwiri anati ndinavomera ndekha ndipo sabweza. Zoti ndinavomera n'zoona, koma mawu onena kuti azidula okha anali ang'onoang'ono pansi penipeni, ndipo munthu amene sanatsegule apu miyezi itatu akanatha kumumvera chisoni. Ngati foni yako ndi ya Android, poimitsa umalowa mu Play Store, kudina chithunzi chako pamwamba, kenako `Payments & subscriptions`, kenako `Subscriptions`. Nditaimitsa ndinaiikanso, ndipo ndimagwiritsa ntchito yaulere yokha.

Ndiye yapamweziyo usalipire. Waona kale kuti golide akukukhala, ndipo apu yagwira ntchito yake yonse pamenepo. Chotsala ungachidziwe ndi K0: dula katsitsi pang'ono kumbuyo kwa khutu, upite nako kwa wodaya akapake mankhwala omwewo amene akufuna kukupaka, uone mtundu womwe katuluke ndiponso ngati kakuduka ukakakoka. Dayiyo umuyesenso pakhungu, kadontho kuseri kwa khutu, udikire maola 48, chifukwa ena amatupa naye nkhope. Umuuze zonse wodayayo, ngakhale dayi wa chaka chatha.

Koma iwe ndikudziwa kuti unawotcha mwezi wathawu, ndipo chinkhoswe chatsala milungu isanu. Ine ndikanakhala iwe ndikanagula meshi ya 27, kapena kusakaniza 27 ndi 30, n'kuluka. Loweruka ndili pakhomo, ubwere ndi foniyo tidzajambule pakhonde kuwala kukadalipo.