Mpunga wa sitiyu, nkhuku ya tchipisi: kusankha za mu apu, kuyeza pa sikelo kapena kungoyerekeza ndi dzanja?

Anzanga amene mumalemba makalori pa foni, njira zitatuzi ndaziyesa zonse kuno ku Harare ndipo zimasiyana kwambiri mukafika pa chakudya chosakaniza. Nthochi kapena dzira lowiritsa sizivuta ayi, koma mbale ya mpunga ndi sitiyu ya ng'ombe ndiye pamene pamagona nkhani, chifukwa chimene chimakweza makalori kwambiri ndi mafuta ophikira ndipo mafutawo akalowa mu supu simuwaonanso.

Njira yoyamba ndi yongosaka mu apu ya MyFitnessPal, kulemba beef stew with rice nkusankha chimene chabwera pamwamba. Ndi yachangu, mphindi imodzi basi mwamaliza. Koma zambiri za mmenemo zinalowetsedwa ndi anthu wamba, ndiye simudziwa kuti mbale yawo inali yaikulu bwanji kapena anathira mafuta angati. Ine ndinkasankha ina yolemba 450 kwa miyezi iwiri, thupi osatsika ngakhale pang'ono.

Yachiwiri ndi yowerengera poto yense, ndipo iyi ndi imene inanditsegula maso. Sabata ina ndinayeza zonse zisanapse. Nyama yopanda mafupa ya ku bucha kwathu ku Mufakose magalamu 800, ya mafuta pang'ono, pafupifupi makalori 220 pa magalamu 100, ndiye 1,760. Botolo la mafuta ndinaliika pa sikelo ndisanathire ndiponso nditathira, anachoka magalamu 100, galamu iliyonse ndi makalori 9, ndiye 900. Matimati a ku Mbare magalamu 400 anangopereka 70, anyezi magalamu 200 ndi 80. Zonse pamodzi 2,800 ndi kakusefukira. Sitiyu itapsa ndinayeza poto ndi zamkati nkuchotsera kulemera kwa poto wopanda kanthu, panatsala magalamu 1,400, kutanthauza kuti galamu iliyonse ya sitiyu ndi makalori 2. Ndinapakula magalamu 250, ndiye 500. Mpunga wophika magalamu 300, pa 130 magalamu 100 alionse, ndi 390. Mbale yomwe ija ndinkailemba 450 inali pafupifupi 890!

Pa mpungapo samalani, wosaphika uli cha m'ma 360 pa magalamu 100 pomwe wophika ndi 130 chifukwa wamwa madzi. Mukayeza wophika nkusankha mzere wa wosaphika apu ikupatsani 1,080 mungodzimana chakudya chamadzulo pachabe. Ndipo ngati mumakazinga mpunga ndi mafuta musanathire madzi, supuni yaikulu imodzi ndi 120 yoonjezera mu potomo.

Njirayi nayonso ili ndi pofooka pake, ndisabise. Mafuta amayandama pamwamba ndiye wopakula chipande choyamba osatakasa amatenga ochuluka, komanso amene wapatsidwa nthuli zambiri sangafanane ndi wa supu yambiri ngakhale magalamu ali ofanana. Takasani kaye musanapakule. Ndi yotopetsanso tsiku loyamba, koma mukaisunga mu apu ngati kaphikidwe kanu, masiku enawo mumangoyeza mbale basi.

Yachitatu ndi ya dzanja, chibakera cha mpunga ndi ngati kapu imodzi, makalori 200, chikhatho cha nyama ndi ngati magalamu 100. Pa ukwati, pa maliro kapena kwa azakhali kumene simungatulutse sikelo patebulo, ndi yokhayo imene ilipo. Vuto lake dzanja limayeza kukula kokha, mafuta silimawaona, ndiye ine ndimaonjezera supuni imodzi ya mafuta pa mbale iliyonse imene sindinaphike ndekha, ziwiri ngati supu ikunyezimira.

Nanga nkhuku ya tchipisi ya mtauni? Apa njira ya poto siyigwira chifukwa simunaphike ndinu, ndipo musalembe mbatatesi yowiritsa, imeneyo ili cha m'ma 85 pomwe tchipisi zokazinga zimapitirira 300 pa magalamu 100. Chimene ndinachita nkugula kamodzi nkupita nazo kunyumba osadya mu kombi. Tchipisi zinali magalamu 200, cha m'ma 620. Nthuli ziwiri za nkhuku magalamu 220, nditadya ndinayeza mafupa anali 60, ndiye ndinadya 160 ndi khungu lomwe, pa 270 magalamu 100 alionse, ndi pafupifupi 430. Bokosi lonse linafika 1,050, kokakola ndi mayonezi osawerengera. Nambalayo ndinaisunga, nthawi iliyonse ndikagula bokosi lomwelo pamalo omwewo ndimangoyitana yomweyo, ndikasiya khungu kapena ndikagawana tchipisi ndi mwana ndimachotserako.

Ndiye ine panopa zophika pakhomo ndimawerengera poto, zogula zimene ndimadya kawirikawiri ndimayeza kamodzi nkusunga, dzanja ndi la kwa eni ake. Za mu apu zokonzeratu zija ndimatsegula pokhapokha ndikufuna nambala ya chinthu chimodzi pa magalamu 100, osati ya mbale yonse.