Kumasulira Zolembedwa kapena Kulemba Mawu a M'vidiyo?

Ngati magetsi amazimazima, ntchito ziwirizi zimasiyana kwambiri.

Kumasulira sikudya bando. Chikalata cha masamba 10 mumachikopera pakompyuta kamodzi, n'kutseka intaneti mpaka nthawi yotumiza. Batire ikatha, pitirizani pafoni, ngakhale pakope.

Mavidiyo ndi ena. Imodzi ingamalize bando yomwe ikanakwanira zikalata zambirimbiri, ndipo kuonera mobwerezabwereza kumatha batire msanga. Choipitsitsa, makampani ena amafuna muzilembera pawebusaiti yawo, ndiye netiweki ikaduka, ntchito yaima pomwe nthawi yopereka ikuyandikira.

Ine ndingasankhe kumasulira, n'kupangana ndi kasitomala tsiku limodzi lowonjezera. Mavidiyo akuyenera amene ali ndi sola kapena malo odalirika otchajira.