Deti losasuntha mu Excel: Ctrl+;, Paste Values kapena fomula yodzizungulira?

Alembi a makopaletivu ku Mchinji amafunsa kawirikawiri chifukwa chimene madeti a ngongole amasinthira okha. Tiyerekeze kuti mlimi watenga thumba la feteleza pa 3 Malichi, ndipo mlembi walemba =TODAY() m'kabokosi B2. Mu C2 waika =TODAY()-B2 kuti awerenge masiku a ngongoleyo. Pa 2 Epulo payenera kuoneka masiku 30, koma pakuoneka 0, chifukwa B2 nayonso ikunena kuti 2 Epulo.

Fayilo sinawonongeke ayi. TODAY ndi NOW sizisunga deti, zimangofunsa wotchi ya kompyuta nthawi iliyonse fayilo ikatsegulidwa kapena masamu akawerengedwanso. NOW imawonjezerapo ola ndi mphindi. Dinani kabokosiko n'kuyang'ana pamwamba polemba fomula. Mukaona =TODAY(), dziwani kuti deti loyamba lija silinasungidwemo, ndipo mukalipeza m'buku la malisiti.

Njira yoyamba yosungira deti ndi kudina Ctrl+; pamene mukulemba ngongoleyo. Deti lalero limalowa ngati kuti mwalitaipa ndi manja, ndipo silisunthanso. Ctrl+Shift+; imaika nthawi. Iyi ndiyo ndimaikhulupirira, bola wotchi ya kompyuta ikhale yolondola.

Yachiwiri ndi ya amene alemba kale fomula: koperani kabokosiko, kenako sankhani Paste Special ndi Values. Imagwira bwino, koma tsiku lomwelo basi. Mukachita mawa, mwasunga deti lamawa.

Yachitatu ndi imene anthu amaitama chifukwa deti limadzilemba lokha dzina likangolowa mu A2. Mu B2 mumalemba izi:

```
=IF(A2<>"",IF(B2="",NOW(),B2),"")
```

Fomulayi imadzitchula yokha, choncho Excel imaikana mpaka mutachonga Enable iterative calculation pa File, Options, Formulas. Vuto lagona pomwepo. Excel imatengera chisankho chimenechi ku fayilo imene yayamba kutsegulidwa, n'kuchigwiritsa ntchito pa mafayilo onse otsatira. Msungichuma akayamba watsegula fayilo ina, kenako ya ngongole, pamabwera chenjezo la circular reference, kutanthauza fomula yodzizungulira, ndipo madetiwo simungawadalirenso.

Komanso munthu akafufuta dzina mu A2 n'kulilembanso, mwina pokonza kalembedwe, B2 imaiwala 3 Malichi n'kutenga deti latsikulo mwakachetechete. Mlimi wa ngongole ya mwezi wathunthu amaoneka ngati watenga lero. Ndipo chisankhochi chikakhala chochongedwa, Excel imasiya kukuchenjezani za mafomula ena odzizungulira amene mwalakwitsa, monga SUM yodziwerengera yokha. Pa buku la ndalama za anthu, ine sindingailole.

Ena amaika Calculation Options pa Manual. Musatero, chifukwa zimaimitsanso mafomula onse ophatikiza ndalama.

Mu B2 gwiritsani Ctrl+; ndipo mu C2 siyani =TODAY()-B2 momwemo, poti kumeneko n'kumene mukufuna kuti nambala izikwera tsiku ndi tsiku. C2 ikaonetsa deti m'malo mwa nambala, sinthani Format Cells kukhala Number.