Khadi ya pulasitiki, yotaya ukagula, kapena ya limiti: iti yogulira pa intaneti?

Zitatu zonsezi ndazigwiritsapo ntchito, ndiye ndingonena mmene ndazionera.

Poyamba mudziwe kuti wakuba wa pa intaneti safuna khadi yanu m'manja, ngakhale PIN sayifuna. Amangofuna manambala 16 aja, mwezi ndi chaka chothera khadi, ndi timanambala titatu ta kuseri kwa khadi totchedwa CVV basi, ndipo si masitolo onse amene amapempha OTP, kanambala kachinsinsi kamene banki imakutumizirani pa foni. Musamati "ine ndimagula pa mawebusayiti odziwika okhaokha". Mu 2018 akuba anabisa kapulogalamu pa tsamba lolipirira la British Airways, kamakopera zomwe munthu akutayipa, ndipo anthu oposa 200,000 anaberedwa manambala a khadi ndi CVV yomwe.

Ndiye khadi ya pulasitiki vuto lake ndi loti nambala ndi imodzi yomweyo kwa zaka zingapo, mwayisiya m'masitolo kaya makumi angati, ndipo kuseri kwake kuli ndalama zonse za mu akaunti. Ikatuluka muyenera kuyibulokitsa, kudikira yatsopano, kenako kukasintha nambala paliponse pomwe mumalipira mwezi ndi mwezi, ndipo simudziwa n'komwe kuti yatulukira kuti. Ubwino wake ndi umodzi, mutha kuyionetsa. Mahotela ena ndi obwereketsa magalimoto amafuna kuona khadi yomwe munabukira, apa khadi yongokhala mu apu ya pa foni imakusiyani m'madzi.

Vetchuwo khadi yotaya ija ndi nambala yomwe apu imakupatsani, mukangolipira kamodzi imafa. Wakuba akayikopera watola chikwangwa. Pa sitolo yomwe simukuyidziwa ndipo simudzabwererako, palibe yoposa imeneyi. Koma ili ndi khalidwe lake. Masitolo ena amayamba ayesa khadi podula kandalama kochepa, khadi n'kuona ngati yagwira kale ntchito, ndiye malipiro enieniwo amakanidwa. Ena mukaoda zinthu ziwiri amadula padera chilichonse akamachitumiza, choyamba chimadutsa, chachiwiri mumangolandira imelo yoti malipiro alephera. Za sabusikiripushoni musayese n'komwe.

Yomwe ndimakonda ine ndi yachitatu, vetchuwo khadi yokhalitsa koma yoyikira limiti ndi kuyifiriza, kutanthauza kuyiyimitsa kaye kuti isagwire ntchito. Chinsinsi chake n'kupanga khadi imodzi pa sitolo imodzi, n'kuyitcha dzina la sitoloyo mu apu. Ndinalembetsa pa webusayiti ina yomwe inkati masiku 7 oyamba ndi aulere, ndinapanga khadi yakeyake, limiti ya pamwezi ndinayika yongopitirira pang'ono mtengo wa mwezi umodzi. Tsiku la 8 anayesa kudula za chaka chonse, kaya zinalembedwa m'timalemba ting'onoting'ono tomwe sindinawerenge, koma foni inangolira kuti malipiro akanidwa chifukwa adutsa limiti. Ikanakhala ya pulasitiki bwenzi ndikulimbana ndi zodandaula ku banki. Patapita miyezi, khadi yomweyo wina anayiyesa usiku kukampani ina yomwe sindinayimvepo, inali yofiriza, ndipo ndinadziwiratu komwe nambala yatulukira poti ndinayipereka malo amodzi okha. Ndinayifufuta, makhadi enawo sindinawakhudze.

Limiti musayithinitse ndendende pa mtengo. Ngati sitolo imadula mu ndalama yakunja, pamabwera kusintha kwa reti ndi chindapusa cha banki, mwina ndi msonkho kapena zotumizira, ndiye khadi imakana inu n'kumaganiza kuti netiweki ndi yomwe yavuta. Siyani mpata pang'ono pamwamba. China, kufiriza kapena kufufuta khadi sikuthetsa mgwirizano wanu ndi kampani, kukasiya sabusikiripushoni pa webusayiti yawo n'kofunikabe, apo ayi ena amakulemberani ngongole.

Pa rifandi, ya pulasitiki ndi ya limiti zilibe nkhani. Yotaya nayo nthawi zambiri ndalama zimabwerera ku akaunti yomwe khadiyo inachokera ngakhale nambalayo inafa, koma sungani risiti ndi manambala 4 omaliza, chifukwa zikachedwa ndi omwe adzakufunseni. Ine khadi ya limiti sindiyifufuta mpaka katundu afike ndimuone, ndimangoyifiriza.

Pomwe zonse zitatu zimagwa mofanana ndi pa sitolo yabodza. Mwalipira nokha, katundu osabwera, khadi yotaya yangoteteza kuti asadulenso kachiwiri koma zoyambazo zapita, chotsala n'kukadandaula ku banki kuti ayese kuzibweza. Chimodzimodzi wina akakuimbirani ngati wa ku banki inu n'kumuwerengera OTP, kapena akatenga foni yanu ili yosakiya, apu ili yotsegula, amangodzipangira khadi yatsopano n'kukweza limiti yekha.