Injini ya boti ku Senga Bay: tichotse mofanana chaka chilichonse kapena pa zotsala?

Ndimalemba mabuku a ndalama a malume anga, omwe ali ndi boti la chilimira ku Senga Bay. Atagula injini yatsopano, funso linali lakuti tizilemba kuti yatsika mtengo ndi ndalama zingati pachaka, chomwe a zowerengera ndalama amati dipulisiyeshoni. Njira zodziwika ndi ziwiri, ndipo ndinayesa zonse papepala ndisanasankhe.

Injiniyo inagulidwa K4,000,000. Tinagwirizana kuti igwira ntchito zaka 5, kenako tidzaigulitsa pafupifupi K1,000,000.

Njira yoyamba, ya sitireti layini, ndi yochotsa ndalama zofanana chaka chilichonse. Pa K4,000,000 muchotsepo K1,000,000 yodzagulitsira ija, zotsalazo mugawe ndi zaka 5. Zikubwera K600,000 pachaka. Ogwiritsa ntchito Excel angolemba motere:

```
=SLN(4000000,1000000,5)
```

Njira yachiwiri ndi yochotsa pa zotsala. Mumasankha peresenti imodzi, ife tinatenga 25, n'kumaiwerengera pa mtengo umene watsala m'buku, osati pa mtengo wogulira. Chaka choyamba zimachoka K1,000,000, kutsala K3,000,000. Chaka chachiwiri 25 peresenti ija ikugwera pa K3,000,000, ndiye zochoka ndi K750,000, kutsala K2,250,000. Zimapitirira kuchepa chomwecho: K562,500, kenako K421,875, ndipo chaka chachisanu K316,406. Pomaliza m'buku mutsala K949,219, kufupi ndithu ndi K1,000,000 yathu ija. N'chifukwa chake tinatenga 25, sitinangoitola.

Ndiye njira zonsezi zikuchotsa pafupifupi K3,000,000 yomweyo. Kusiyana kwake n'kwakuti ndalamazo zikulemerera zaka ziti.

Malume ankakonda yoyambayo. “Iwe mphwanga, K600,000 ndiitha kuisunga m'mutu, zinazo n'zondizunguza,” anatero. Ndinawayankha kuti, “Malume, tayang'anani kaye kabuku ka makaniko ka injini yakale ija.” Mmenemo ndi momwe munali yankho. Injini ikadali yatsopano imangofuna oyilo ndi mapulagi, imadzuka mukangokoka chingwe kamodzi, ndipo boti silijomba kunyanja. Ikakalamba, yapyola m'mafunde a mwera zaka zingapo, imayamba za kabyuleta, pulopela ndi giya, masiku ena n'kukhala pamchenga itaphwasulidwa anzathu ali pa usipa. Phindu lalikulu imabweretsa poyamba, choncho gawo lalikulu la mtengo wake liyenera kugwera zaka zoyambazo. Lamulo la IAS 16, limene a zowerengera ndalama amatsatira m'maiko ambiri, limanenanso zomwezo: njira yosankhidwa itsatire mmene phindu la katunduyo likudyedwera.

Tiyerekeze kuti kukonzetsa kudya K100,000 chaka choyamba ndi K700,000 chaka chachisanu. Pa njira yofanana, tikaphatikiza ndi K600,000 ija, injini ikuoneka kuti yadya K700,000 poyamba, K1,300,000 pomaliza. Mwini boti aona phindu lonona chaka choyamba, agawa ndalama mosangalala, kenako adzadabwa kuti bizinesi yalowa pansi pomwe nsomba zikuphedwabe. Pa njira ya zotsala, chaka choyamba ndi K1,100,000, chachisanu K1,016,406. Mtolowo ukukhala wolingana, ndipo phindu lolembedwa silikunama. Pa injini, njinga yamoto ya kabaza kapena lole, ine ndimasankha ya zotsala mosakayika.

Njira yofanana ili ndi malo ake. Shedi yosungiramo maukonde imatumikira chimodzimodzi chaka choyamba ndi chakhumi, ndiye pamenepo gawani mofanana basi.

Pali zolakwa ziwiri zimene ndaziona kawirikawiri pa njira ya zotsala, china ndinachichitapo ndekha. Choyamba ndi kuchotsa kaye K1,000,000 yodzagulitsira musanawerengere peresenti. Pa njira ziwirizi, zimenezo n'za njira yofanana yokha. Kuno mumayambira pa K4,000,000 yonse. Chachiwiri ndi kuwerengera 25 peresenti pa mtengo wogulira chaka ndi chaka. Mukatero mukuchotsa K1,000,000 nthawi zonse, ndipo pakutha zaka 4 injini ikhala pa ziro m'buku ikadali pamadzi. Kuzindikira kwake n'kosavuta: ngati nambala ya chaka chino ikufanana ndi ya chaka chatha, ndiye kuti mwabwerera ku njira yofanana osadziwa.

Malume anandifunsanso funso labwino: bwanji injini zakale zikugulitsidwa modula kuposa mmene buku likunenera? Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja anakwera, wakale yemwe. Koma dipulisiyeshoni siyotsata mtengo wa pamsika, imangogawa ndalama zimene munalipira pa zaka zimene chinthucho chikugwira ntchito. Mukadzagulitsa mopitirira za m'buku, kusiyanako mudzalemba ngati phindu la pogulitsa. Za msonkho nazo n'zapadera: a MRA ali ndi mawerengedwe awoawo a ndalama zochotsera pa katundu wotere, ndiye K1,000,000 imene mwachotsa m'buku mwanu chaka choyamba musangoikopera pa fomu yawo.