Nyenyezi zitatu mwa zisanu: webusayiti ya atate inakhala moyo shopu itafa

Ndine wophunzira wa chaka chachitatu pa UNZA, ndipo kampani yomwe ndikuilembera ndemangayi sindinaisankhe ine. Anaisankha atate mu 2016, pamene anali ndi shopu yosindikiza mabuku a malisiti ndi makadi a ukwati ku Kamwala. Ndi kampani ya muno mu Lusaka yosungira anthu mawebusayiti ndi maimelo a bizinesi. Dzina lake ndalisiya dala, chifukwa pa zomwe zinachitikazi mbali ina ya mlandu ndi yathu.

Shopu inatsekedwa mu Juni 2020, korona itaimitsa maukwati ndi masukulu. Atate anagulitsa makina, anabweza makiyi kwa mwini nyumba, basi nkhani inathera pomwepo. Akaunti ya ku banki ya shopuyo sanaitseke, popeza ndi momwe mumalowa lendi ya kanyumba kathu ka ku Chawama.

Mu Febuluwale 2024 tinali kuwerengera ndalama ya fizi yanga. Atate anali ndi chiwerengero chawo m'kope, koma makina a banki anaonetsa ndalama yochepa ndithu. Iwo anangoti, "Ndi mabanki awa, amadya pang'onopang'ono." Ine sizinandikhutiritse. Ndinawakakamiza kuti tikatenge sitetimenti ya miyezi isanu ndi umodzi, ndipo titafika kunyumba ndinaiyala patebulo ndi pensulo m'manja. Pa 28 mwezi uliwonse panali mzere womwewomwewo: DDACC, zilembo zinayi za dzina la kampani lodulidwa, kenako K210.

"Atate, awa ndani amene akutenga K210?"

Anayang'ana nthawi yaitali. "Mama, mwina ndi a intaneti aja. Koma shopu tinatseka kale."

Iwo ankaganiza kuti malipirowo anatha okha pamene khadi lawo lakale la ku banki linatha ntchito. Apa ndi pomwe panagona vuto. Ndalamayi sinkachoka kudzera pa khadi. DDACC ndi chilolezo chomwe munthu amasainira kampani kuti izidzitengera yokha ndalama mu akaunti yake. Chimamangidwa pa nambala ya akaunti, choncho khadi lithe kapena litayike, icho chimapitirirabe. Chimasiyananso ndi lamulo lija lomwe umapatsa banki kuti izitumiza ndalama yakutiyakuti mwezi ndi mwezi, pomwe mwini akaunti ndiye yekha angasinthe chiwerengero. Pa fomu ya atate, yomwe anatiwonetsa pambuyo pake, panali chiganizo chololeza kampaniyo kusintha mtengo bola itapereka chidziwitso.

Ndipo mtengo unasinthadi. Titatenga sitetimenti yonse kuyambira 2020 (banki inatilipiritsa pa tsamba lililonse, konzekerani), tinaona kuti kuyambira Julayi 2020 mpaka Disembala 2021 ankatenga K150, miyezi 18, yomwe ndi K2,700. Kuyambira Januwale 2022 mpaka Febuluwale 2024 ankatenga K210, miyezi 26, yomwe ndi K5,460. Zonse pamodzi K8,160, kulipirira tsamba lotsatsa shopu yomwe tsopano muli anthu ogulitsa matayala.

Kodi chidziwitso anapereka? Anapereka, ndipo sindingawanamizire. Koma anachitumiza ku imelo ya shopu, imelo yomwe iwo eni ndiwo amasunga, ndipo akanatha kuona kuti palibe waitsegula chitsekereni shopu. Mauthenga a pa foni ochokera ku banki nawo ankapita ku nambala ya shopu, yomwe simu yake inafera mu dilowa. Aliyense ankalankhula, koma ankalankhulira m'nyumba yopanda anthu. Apa ndi pomwe ndawachotsera nyenyezi yoyamba. Nambala ya foni ya atate eniake inali pa fomu yomwe ija, ndipo ikugwirabe ntchito mpaka lero. Kuimba kamodzi kokha kukanakwana.

Nyenyezi yachiwiri yapita chifukwa cha njira yotsekera. Ndinayesa kulowa mu akaunti pa intaneti, atate mawu achinsinsi anaiwala kalekale. Ndikadina Forgot password, uthenga wokonzera unkapita ku imelo ya shopu yomwe ija, imene sitikanatha kuitsegula. Pa foni anandiuza mwaulemu kuti ine si mwini akaunti, sangandithandize. Zimenezi ndikuzimvetsa, sindingafune kuti aliyense azingoimba n'kutsekera munthu bizinesi. Koma zinatanthauza kukwera minibasi ndi atate, omwe mawondo amawavuta, kupita ku ofesi yawo ndi NRC komanso kalata yosainidwa. Titafika anatiuza kuti pamafunika chidziwitso cha masiku 30, ndiye K210 ya Malichi inachokanso.

Tsopano zabwino zawo, poti zilipo. Mtsikana wa pa desiki ndi amene anatiletsa kuchita chinthu chopusa. Ine ndinkafuna atseke tsiku lomwelo. Iye anati, "Abambo, tikatseka, zonse zili mkatimo zifufutika. Mwatengamo kale zanu?" Anatikonzera mawu achinsinsi atsopano, n'kundionetsa polowera mu cPanel, tsamba loyendetsera mafayilo ndi maimelo a akauntiyo. Mafayilo a webusayiti amakhala mu foda yotchedwa public_html. Ndinaipanikiza kukhala fayilo imodzi ya zip n'kuikopera pa laputopu. Maimelo ndi nkhani ina, sabwera ndi foda imeneyo. Ndinaika pulogalamu ya maimelo yotchedwa Thunderbird, ndinalumikiza akauntiyo kudzera pa IMAP, ndipo makalata atatsika ndinawakopera ku Local Folders, mafoda osungidwa pa laputopu yomweyo. Sitepe yomalizayi musaidumphe. IMAP imangokuonetsani zomwe zili pa seva, ndiye akaunti ikafufutidwa musanakopere, mukhoza kutsala ndi bokosi lopanda kanthu.

Zonse zinalimo, palibe chinasowa m'zaka zisanu ndi zitatu. Zithunzi za makadi a ukwati omwe atate anapanga, ndandanda ya mitengo yawo, ngakhale chithunzi changa ndili giredi 9 nditanyamula mtolo wa mabuku a malisiti. Pakati pa mulu wa makalata otsatsa malonda munalinso makalata awiri a 2022 ochokera ku masukulu, ofunsa ngati atate akusindikizabe mafomu a malipoti a ana. Nditawawerengera sanayankhe kanthu. Anangonyamuka kukathirira ndiwo zawo kuseri.

Mtsikana yemwe uja anatichenjezanso zina ziwiri. Choyamba, kuti tisangothamangira ku banki kukaimitsa DDACC osawauza iwo, chifukwa kwa iwo mgwirizano ukadali wamoyo ndipo mabilu angamaunjikane ngati ngongole. Tinayamba kutseka kwa iwo, tinalandira kalata yotsimikizira tsiku lomaliza, kenako tinapita nayo ku banki kukafafaniza chilolezocho ndi kusintha nambala yolandirira mauthenga. Chachiwiri, kuti dzina la webusayiti, lija lothera ndi .co.zm, ndi chinthu chapadera cholipiridwa pachaka. Kwa atate linali mkati mwa mtengo wa pamwezi, koma munthu akhoza kutseka malo osungira mafayilo n'kusunga dzina lokha.

Za kubweza ndalama, a kampani anakana. Anati tsamba linali pa intaneti tsiku lililonse monga mwa mgwirizano, ndipo n'zoona. Nditalemba kalata yachiwiri anabweza K210 ya Malichi yokha, patapita milungu itatu.

Kwa munthu amene bizinesi yake ikuyenda ndipo amatsegula imelo, kampaniyi ndingamuuze kuti aigwiritse ntchito, koma pa fomu alembe imelo ina yolandirira mabilu, osati yomwe iwo akumusungira. Pa 28 Epulo ndinayang'ana sitetimenti pa foni ya atate, mzere wa DDACC panalibe. Dzina la .co.zm lija atate anakana kulitaya. Analilipirira chaka chimodzi ndi ndalama ya m'thumba, ndipo masukulu awiri aja anawayankha okha, mochedwa ndi zaka ziwiri.